Madola 40 a achemwali anga ndi gulu la "ofanana" lomwe silinagule nsapato

Achemwali anga amagulitsa nsapato za kaunjika za amayi, zija zovala kuofesi. Amazisankha imodziimodzi belo likangotsegulidwa ku Limbe, n'kuzichapa, kuzipolisha, kenako kuzijambula. Pa tchuthi chapitachi anandiitana n'kundiuza kuti, "Iwe ndiye ukuphunzira zamalonda ku yunivesiteko. Tenga ndalama iyi undilengezere nsapatozi pa Facebook." Inali ndalama yokwana madola 40. Kwa ena ndi yochepa, koma kwa iwo linali phindu la mapeya asanu ndi awiri, ndipo aliyense amene anayesapo kulipira kanthu m'madola kuchokera kuno, makamaka chigwetsereni kwacha ndi 44% mu Novembala 2023, akudziwa kuti dola iliyonse imachoka ndi thukuta.

Ndalamayo ndinaimwaza m'masiku asanu, ndipo tinagulitsa mapeya awiri okha. Olakwa ndinali ine, ndipo ndinalakwa pamalo omwe ndinkadziona kuti ndine katswiri: posankha anthu oti aone malondawo.

Maganizo anga lero ndi awa. Ngati ndalama yanu ndi yochepa, ndipo mukugulitsa kuno ku Malawi, zida ziwiri zomwe anthu amazitama kwambiri mu Ads Manager, chosankhira zokonda za anthu ndi chopangira gulu la anthu ofanana ndi makasitomala anu, si zoyambira. Zimabwera pambuyo, mwinanso osabwera n'komwe. Anzanga ena m'kalasi amanditsutsa, ndipo penapake ali ndi mfundo, koma imvani kaye momwe zinayendera.

Mu Ads Manager muli magawo atatu. Pamwamba pali Campaign, pomwe mumasankha cholinga. Pansi pali Ad, chomwe ndi chithunzi ndi mawu omwe anthu amaona. Pakatipo pali Ad set, ndipo apa ndi pomwe mumasankha anthu, dera, komanso nthawi zambiri ndalama ya tsiku lililonse. Ine Ad set ndimaitcha mphika, chifukwa ndi umene mumasonkhezera nkhuni.

Ndinatereka miphika inayi, uliwonse madola awiri patsiku kwa masiku asanu. Cholinga chinali choti munthu akadina afikire pa WhatsApp ya achemwali. Mumphika woyamba ndinaika amayi omwe Facebook imati amakonda mafashoni. Wachiwiri unali wa okonda kugula zinthu pa intaneti. Wachitatu, womwe ndinkaunyadira kwambiri, unali wa okonda katundu wapamwamba, poganiza kuti amenewo ndiye ali ndi ndalama. Wachinayi unali Lookalike audience ya 1%, yochokera kwa anthu omwe ankatsatira peji ya achemwali. Dera ndinangoika Malawi yense.

Anthu omwe anayamba kucheza nafe anali 9, 11, 6 ndi 24, motsatana choncho. Onse pamodzi 50. Ndikuona 24 ija ndinatumizira achemwali uthenga wodzitama kuti gulu la ofanana likugwira ntchito, munthu mmodzi akutidyera masenti 42 okha. Iwo anangoyankha kuti, "Nanga ogulawo ali kuti?" Mwa anthu 24 aja palibe ndi mmodzi yemwe amene anagula. Ambiri analemba kuti "zingati", ena anangotumiza moni, wina anafunsa ngati nsapatozo tikugawa.

Funso lomalizali ndi lomwe linanditsegula maso. Peji ya achemwali inali ndi oitsatira oposa 3,000, koma ambiri anabwera nthawi ina yomwe iwo anachititsa mpikisano wopatsa mayunitsi kwa aliyense wotsatira peji ndi kuitana anzake. Gulu la ofanana limagwira ntchito motere: mumapatsa Facebook gulu loyambira, iyo imayang'ana zomwe anthuwo amafanana, n'kukupezerani ena m'dzikomo okhala ngati iwowo. Sidziwa chifukwa chomwe mwasankhira gulu loyambiralo. Ine ndinaipatsa anthu okonda zaulere, ndipo inandibweretsera anthu enanso okonda zaulere, omwe amadina chilichonse mwachangu. Chida chinagwira ntchito yake bwinobwino. Mbewu yomwe ndinafesa ndiyo inali yolakwika.

Ndiye muyambire pa gulu liti? Yankho lodziwika ndi lakuti muyambire kwa anthu omwe anagulapo, ndipo n'loona. Koma Meta imafuna kuti gulu loyambira likhale ndi anthu osachepera 100 a m'dziko limodzi, ndipo yokha imalangiza kuti likhale pakati pa 1,000 ndi 5,000. Achemwali ali ndi kabuku komwe amalembamo makasitomala, ndipo titawerenga tinapeza manambala a foni 140. Pamapepala tinali titadutsa 100. Vuto ndi lakuti mukaika mndandanda wa manambala, Facebook imawerenga okhawo omwe yawapeza kuti ndi olumikizidwa ku akaunti. Kuno munthu mmodzi amakhala ndi manambala awiri kapena atatu. Yomwe amalipirira pa Airtel Money kapena Mpamba ingakhale ina, ya WhatsApp ina, ndipo akaunti ya Facebook anatsegulira nambala yomwe inatayika pamodzi ndi foni zaka zinayi zapitazo. Anthu 140 a m'kabuku akhoza kutsika mpaka pansi pa 100. Ngakhale atapitirira pang'ono, gulu laling'ono chotero silipatsa makina zokwanira zophunzirapo. Pa anthu zana, chomwe angafanane moonekeratu mwina n'chakuti ndi amayi a ku Blantyre, zomwe mukanatha kusankha nokha ndi mabatani awiri.

(Mukafika poika mndandanda wotere, nambala iliyonse iyambe ndi 265 m'malo mwa ziro wa kumayambiriro. Ndipo dzifunseni kaye ngati eni manambalawo anavomera. Mayi amene anakupatsani nambala kuti mumutumizire nsapato pa basi sanakupatseni kuti muzikaipereka kwina. Kufunsa sikuvuta: mzere umodzi pa WhatsApp akamaliza kugula.)

Palinso nkhani ya kukula kwa gululo, yomwe makanema ophunzitsa a pa YouTube saikhudza chifukwa opanga ake amalankhula za mayiko a anthu ochuluka. Gulu la ofanana limasankhidwa kuyambira 1% mpaka 10%, ndipo peresentiyo ndi ya anthu omwe ali pa Facebook m'dzikomo. Kumayiko komwe ogwiritsa ntchito ali mamiliyoni mazanamazana, 1% ndi khamu lomwe simungalimalize. Kuno kalembera wa 2018 anapeza anthu pafupifupi 17.5 miliyoni, ndipo omwe ali pa Facebook ndi kagawo chabe ka amenewo. Pa miliyoni iliyonse ya ogwiritsa ntchito, 1% ndi anthu 10,000 basi. Tsopano chotsanipo abambo, chotsanipo achichepere omwe sanayambe ntchito, chotsanipo onse okhala kutali ndi komwe mungafikitse katundu. Otsalawo ndi ochepa kwambiri moti malonda anu amangozungulira pa anthu omwewo. Mungaone zimenezi pa nambala yotchedwa Frequency, yomwe imasonyeza kuti munthu mmodzi waona malondawo kangati. Ikamakwera msanga m'masiku ochepa pomwe Reach, chiwerengero cha anthu omwe afikiridwa, yaima malo amodzi, dziwani kuti mukulipira kuti mutopetse anthu omwewo. Kwa ine ikadutsa katatu sabata isanathe ndimayamba kuda nkhawa, ngakhale limenelo si lamulo lolembedwa paliponse.

Tibwere ku zokonda, zomwe zimapezeka pa Detailed targeting. Ndinkaganiza kuti "wokonda katundu wapamwamba" ndi munthu amene amagula katundu wapamwamba. Ayi. Facebook imaika munthu m'gulu potengera zomwe amachita: mapeji omwe amatsatira, zomwe amadina, makanema omwe amaonera. Mnzanga wina wa kuhositelo amatha bandulo yonse akuonera mawotchi ndi magalimoto a anthu otchuka, chonsecho iye ndi ine timagawana ndiwo za madzulo. Kwa makina, iye ndi wokonda zapamwamba. Chokonda chimakuuzani zomwe maso a munthu amayang'ana, osati zomwe zili m'thumba mwake. Komanso mayi wogwira ntchito kubanki amene akufuna nsapato yakuda ya Lolemba mwina sanatsatirepo peji ya mafashoni ngakhale imodzi. Iye amalowa pa Facebook kuona zithunzi za ukwati ndi uthenga wa kumpingo. Posankha "mafashoni" ndinamutsekera kunja munthu weniweni amene ndinkamufuna.

China chomwe ambiri sazindikira: mukaika zokonda zisanu m'bokosi limodzi, simukuchepetsa gulu, mukulikulitsa. Facebook imatenga aliyense amene ali ndi chimodzi mwa zisanuzo. Ndipo pamapeto simungadziwe kuti mwa zisanuzo chabweretsa makasitomala ndi chiti, chifukwa Breakdown imakugawirani zotsatira potengera zaka, amuna kapena akazi, dera ndi malo omwe malonda anaonekera, koma osati potengera chokonda. N'chifukwa chake ine ndinazigawa m'miphika yosiyana, kuti ndione yopambana. Maganizowo anali abwino. Ndalama ndiyo sinali yokwanira maganizo amenewo.

Apa ndi pomwe pagona nkhani yonse, ndipo ndi masamu a ku pulayimale. Mphika uliwonse ukangoyamba umalowa m'nyengo yomwe Meta imaitcha Learning phase, pomwe makina amayesa anthu osiyanasiyana kuti aone omwe akuchita chomwe mwapempha. Kuti atuluke m'nyengoyi amafuna zotsatira pafupifupi 50 m'masiku asanu ndi awiri, ndipo 50 imeneyo ndi ya mphika uliwonse pawokha, osati yonse pamodzi. Zikamalephereka mumaona mawu akuti Learning limited. Tsono tengani mtengo wa chotsatira chimodzi muchulukitse ndi 50. Ngati munthu mmodzi woyamba kucheza nanu akukudyerani masenti 60, mukufunika madola 30 pa sabata, kapena kuti madola anayi ndi masenti 30 patsiku, pa mphika umodzi. Ine ndinali ndi nkhuni zokwanira kuwiritsa mphika umodzi, ndipo ndinazigawa pa mafuwa anayi. Anthu 50 ndinawapeza ndithu, koma omwazikana, ndipo palibe mphika ndi umodzi womwe umene unafika ngakhale theka.

Choipa china n'chakuti manambala ang'onoang'ono amanama. Ndinakhala usiku wina ndikusinkhasinkha chifukwa chomwe ogula pa intaneti anaposera okonda mafashoni, 11 kwa 9. Panalibe chifukwa. Kusiyana kwa anthu awiri kungabwere chifukwa magetsi anazima dera lina madzulo amodzi. Mukanabwereza sabata yotsatira, mwina zikanatembenuka. Ndiponso amayi a m'miphika itatu ija ambiri anali omwewo, poti wokonda mafashoni nthawi zambiri amapezekanso pa okonda kugula. Miphika yanu ikamalimbirana munthu mmodzi, Facebook imangolola umodzi kupita kukapikisana ndi amalonda ena, inayo imatsala. Choncho sindinkayesa magulu atatu osiyana. Ndinkadula gulu limodzi m'zidutswa, n'kumadzinamiza kuti ndikuchita kafukufuku.

Patapita mwezi ndinapempha mwayi wina. Achemwali anandiyang'ana nthawi yaitali. "Ukawononganso, ubweza pa ndalama yako ya sukulu." Ndinati, "Ndamva, achemwali, koma mundilole ndilembe mtengo pachithunzi pomwepo." Ankakana, poti kaunjika ndi wonenerera ndipo amaopa kuti anzawo a malonda aona mitengo yawo. Pamapeto analola.

Ulendo uno mphika unali umodzi, madola asanu patsiku kwa masiku asanu ndi awiri, onse pamodzi madola 35. Dera ndinasankha Blantyre ndi madera oyandikana nawo, komwe achemwali angakumane ndi kasitomala m'tauni kapena kutumiza wa kabaza tsiku lomwelo. Amayi a zaka 23 mpaka 45. Bokosi la zokonda ndinalisiya lopanda kanthu, ndipo gulu la ofanana sindinalikhudze. Ntchito yosankha anthu ndinaisiyira malonda enieniwo. Chithunzi chinali cha nsapato yakuda ya chidendene chachifupi, mtengo wolembedwa pakona, ndipo mawu oyamba anali akuti ndi nsapato za kuofesi, masaizi 38 mpaka 41, tili ku Limbe. Wovala saizi 36 amadutsa. Wofuna zaulere akaona mtengo amadutsa. Mnyamata amadutsa. Amene waima n'kudina wadzisankha yekha, ndipo makina amaphunzira kuchokera kwa iyeyo.

Chovuta kwambiri chinali kusunga manja. Tsiku lachiwiri mtengo wa munthu mmodzi unali pamwamba ndipo chala chinkandiyabwa kuti ndisinthe zaka kapena ndiwonjezere chokonda chimodzi. Koma kusintha anthu, kusintha chithunzi, kapena kusintha ndalama kwambiri kumabwezera mphika koyambirira kwa kuphunzira kuja. Pa sabata imodzi mulibe malo oyambiranso. Ndinadziletsa.

Tinapeza anthu 58 oyamba kucheza nafe, pafupifupi masenti 60 aliyense, ndipo 9 anagula. Onani kuti munthu mmodzi anali wodula kuposa wa gulu la ofanana lija la masenti 42. Ndikanangoyang'ana Cost per result, ndikanati ndabwerera m'mbuyo. Koma ulendo woyamba peya imodzi yogulitsidwa inatidyera madola 20, pomwe wachiwiri inatidyera madola osakwana anayi. Phindu la achemwali pa peya ndi pafupifupi madola asanu ndi limodzi, ndiye koyamba tinkataya ndalama pa peya iliyonse, kachiwiri tinkatsala ndi kangachepe. Nambala imeneyi Ads Manager sikanatiuza, chifukwa malonda amathera pa WhatsApp ndipo ndalama imalowa pafoni kapena pamanja. Tinaipeza m'kabuku ka achemwali, momwe tinawonjezera mzere wolemba komwe kasitomala aliyense wachokera.

Ndisakunamizeni kuti ndatsimikiza kanthu. Ndinasintha zinthu zingapo nthawi imodzi: dera, chiwerengero cha miphika, zokonda, ndi mtengo pachithunzi. Mphunzitsi wathu wa kafukufuku akanandibwezera pepalalo. Mwina mtengo wolembedwa uja ndiwo unachita zambiri. Koma masamu a 50 aja, komanso kuchepa kwa 1% ya kuno, sizidalira nkhani yanga. Mukhoza kuziona nokha musanalipire kalikonse: mukamasankha anthu, Ads Manager imaonetsa Estimated audience size. Ikani dera ndi zaka zokha, lembani nambalayo, kenako wonjezerani chokonda muone momwe yagwera. Ngati dera lokha lakupatsani kale gulu laling'ono, musalidulenso.

Mnzanga wina amene amathandiza amalume ake kugulitsa anapiye ndi chakudya cha nkhuku amanditsutsa kwambiri, ndipo pa malonda akewo ndikugwirizana naye. Nsapato ya kuofesi ingagulidwe ndi mayi aliyense wapantchito m'tauni, ndiye gulu lotakasuka silitaya zambiri. Koma oweta nkhuku za malonda ndi ochepa pakati pa khamu, ndipo amene amatsatira mapeji a ulimi wa nkhuku nthawi zambiri amakhala akuweta kapena akuganiza zoyamba. Pamenepo chokonda ndi chogula zayandikana, ndipo chokonda chimodzi chomveka bwino chingathandize makina kuyambira pafupi. Muyeso wanga ndi funso limodzi: kodi munthu angatsatire zimenezi pongofuna kusangalatsa maso? Mafashoni, magalimoto, maulendo ndi zakudya, inde. Katemera wa chitopa, ayi. Chimodzimodzinso amene akugulitsa kumsika waukulu ngati wa ku Joni, komwe anthu a pa Facebook ndi ochuluka kwambiri, ali ndi chifukwa chenicheni chochepetsera gulu. Ngakhale pamenepo, chokonda chikhale chimodzi kapena ziwiri zogwirizana, mumphika umodzi womwewo.

Dziwaninso kuti masiku ano zomwe mwasankha sizikhala mpanda nthawi zonse. Pansi pa Advantage+ audience, zokonda, gulu la ofanana, ngakhale kusankha amayi okha, zimatengedwa ngati malangizo chabe, ndipo makina amatha kupitirira akaona kuti kwina kuli zotsatira. Zomwe amazilemekeza ndithu ndi monga dera ndi zaka zoyambira. Izi zikutanthauza kuti maola omwe mumathera posankha zokonda khumi ndi ziwiri mwina sakusintha zambiri, pomwe dera, lomwe ine ndinangolidumpha poika Malawi yense, ndilo lili m'manja mwanu kwathunthu. Ulendo woyamba tinalandira uthenga kuchokera kwa mayi wina wa ku Karonga amene anaikonda nsapato, koma atamva mtengo wotumizira ndiponso kuti sangaiyese kaye, anangoti zikomo. Uthenga umenewo tinaulipira.

Gulu la ofanana sindinalitaye. Ndikuliyembekezera. Panopa achemwali amafunsa kasitomala aliyense nambala yomwe amagwiritsa ntchito pa Facebook komanso ngati akulola kuti tiigwiritse ntchito polengeza malonda, ndipo kabuku kakukula. Tikadzafika pa mazana angapo a anthu omwe anaguladi, ndidzayesa, koma osati 1%. Ndidzayamba ndi 5% kapena kuposa kuti gulu lisafe ndi kuchepa ndikalidula ku Blantyre, ndipo ndidzaliyesa pa sabata yakeyake ndi chithunzi chomwecho, ndalama yomweyo, kuti kusiyana kukhale pa anthu okha. Pa madola 35 sindingathe kuyendetsa miphika iwiri nthawi imodzi, ndiye ndidzasinthanitsa masabata, podziwa kuti sabata ya malipiro a kumapeto kwa mwezi siifanana ndi ya pakati pa mwezi, ndipo zonse ziwiri ziyenera kugwera mbali imodzi.

Pakadali pano chomwe ndapanga ndi Custom audience ya anthu omwe analemberapo uthenga ku peji kapena kuchitapo kanthu pa zomwe timaika m'masiku 90 apitawa. Masikuwo ndinawasankha dala kuti a mpikisano wa mayunitsi aja, omwe anangotsatira peji n'kusowa, asalowemo. Gululi ndi laling'ono, ndiye silipatsidwa ndalama tsiku lililonse. Timaliyatsa masiku awiri kapena atatu belo latsopano likatsegulidwa, dola imodzi kapena ziwiri patsiku, kenako n'kulizimitsa Frequency isanakwere. Sabata yatha mayi wina wa ku Chilomoni, amene mwezi wathawo anafunsa saizi 41 n'kupeza zatha, anaona chithunzi cha belo latsopano ndipo anatenga mapeya awiri. Madola 40 oyamba aja achemwali sanaiwale. Amawatchulabe ndikapempha ya minibasi.